Mbaula yachitsulo ndi mbaula yadongo mkati: ndi iti imene imadya makala ochepa?

Mayi a ku Kawale:
Moni nonse. Mkangano wa mbaula umene unabuka pagulu pano unatha popanda wopereka umboni, chifukwa aliyense ankangotamanda mbaula imene ali nayo kunyumba kwake. Ine ndaziyesa mbaula ziwiri, ndipo ndikufuna muone kaye mmene ndayezera musanaone zotsatira, kuti ngati pali pamene ndakondera mundiuze.

Yoyamba ndi yachitsulo chokhachokha, ija yozungulira imene amisiri amakhoma ndi zitsulo za migolo yakale. Yachiwiri ndi ija yowonda pakati, yachitsulo kunja koma yadongo lowotcha mkati, yokhala ndi mabowo pansi pa makala komanso kachitseko kolowera mpweya. Zonse ndinagula zatsopano mumsika waukulu wa Lilongwe, ndipo kukamwa kwake n'kofanana, moti poto mmodzi yemweyo amakhala bwino pa zonse ziwiri.

Ndinasankha kuyeza zinthu zitatu: nthawi imene madzi amatenga kuti awire, kulemera kwa makala amene anyeka, ndi kukhazikika kwa poto pophika nsima. Kulimba kwa mbaula sindinakuwerengere, chifukwa kumaoneka pakapita miyezi yambiri. Makala onse anachokera m'thumba limodzi, ndipo ndinasankha ofanana misinkhu, aakulu ngati dzira la nkhuku, n'kusiya fumbi ndi zinyenyeswa. M'mbaula iliyonse ndinkathira magalamu 400 oyezedwa pa sikelo ya batire, ndipo ndinkakoleza ndi timitengo touma, osati majumbo. Madzi anali malita 3 a pampopi, m'poto wokhala ndi chivundikiro chake, ndipo mbaula ndinkaiika pakona imodzi ya khonde pamene mphepo siifika.

Kuyesako kunali ndi magawo atatu otsatizana. Poyamba ndinkawiritsa madzi mbaula ili yozizira. Akawira ndinkakhuthulira makala otsala m'chitini, n'kuwayeza mwachangu, n'kuwabwezera ndi kuwonjezerapo mpaka akwanenso magalamu 400, kenaka n'kuteleka madzi ena ozizira mbaula ikadali yotentha. Pomaliza, nditayezanso makala n'kuwonjezeranso mpaka akwane magalamu 400, ndinkasiya madziwo akubwata pang'onopang'ono kwa mphindi 45, monga mmene timachitira pophika nyemba. Mbaula iliyonse inadutsa m'magawo onsewa katatu, ndipo ndinkasinthanitsa yoyambira.

Ndikaphatikiza maulendo atatuwo n'kugawa, zotsatira zake ndi izi. Mbaula ili yozizira, yachitsulo inawiritsa madzi m'mphindi 19 itadya magalamu 190, pamene yadongo inatenga mphindi 24 n'kudya magalamu 170. Mbaula ili yotentha kale, yachitsulo inatenga mphindi 17 ndi magalamu 180, yadongo mphindi 16 ndi magalamu 140. Pa mphindi 45 zobwatitsa pang'onopang'ono ndi pamene zinasiyana kwambiri, chifukwa yachitsulo inadya magalamu 230 pamene yadongo, kachitseko katatsekedwa, inadya 130 okha. Zonse pamodzi ndi magalamu 600 kwa yachitsulo ndi 440 kwa yadongo. Pa nsima, yadongo ndi yolemera ndipo siyendayenda pothyakula, koma tizitsulo take titatu tokhalira poto n'toterera, moti ndinkafunika kugwira poto ndi dzanja lina; yachitsulo imagwira poto bwino koma yokha imagwedera.

Bambo a ku Chinsapo:
Zikomo mayi, mwatsimikizira zimene ndakhala ndikuwauza anthu. Dongo limawonjezera mphamvu ya moto, n'chifukwa chake makala ochepa amagwira ntchito yaikulu. Ubwino wina umene simunautchule ndi woti mbaula yadongo siitulutsa utsi makala akangoyaka bwino, moti ife m'nyengo yozizira, mu Juni ndi Julaye, timailowetsa m'nyumba usiku kuti ana afunde.

Aphunzitsi a ku Likuni:
Bambo a ku Chinsapo, ndiyambe ndi mfundo yanu yachiwiri, chifukwa imeneyo ikukhudza moyo wa anthu. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa kaboni monokisaidi, umene suoneka ndipo sununkha, ndipo kusaona utsi sikutanthauza kuti mpweyawo kulibe. Mbaula zonse ziwiri zimautulutsa, ndipo kutseka kachitseko kuti moto uchepe kumachititsa kuti makala anyeke ndi mpweya wochepa, zimene sizichepetsa vutolo ayi. Zizindikiro zoyamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, koma munthu amene ali m'tulo sazimva. Chonde mbaula ina iliyonse isagone m'chipinda chotseka.

Za dongo mwalondola mbali imodzi. Dongo siliwonjezera moto, chifukwa kutentha konse kumachokera m'makala. Chimene limachita ndi kuchedwetsa kutentha kuti kusathawire m'mbali, pamene chitsulo chopyapyala chimangokudutsitsa n'kukutaya kumphepo. Koma dongolo likakhala lozizira limayamba lamwa kutentha kwina lisanayambe kuthandiza, ndipo n'chifukwa chake pa gawo loyamba yadongo inachedwa ndi mphindi 5, pamene pa gawo lachiwiri, litatentha kale, inafanana ndi inzake n'kudya makala ochepa. Manambala a mayiwa akugwirizana ndi mmene zinthuzi zimayendera, ndipo zimenezi zikundipatsa chikhulupiriro kuti anayeza mosamala.

Mayi a ku Kawale, ndili ndi mafunso awiri. Nthawi munkayamba kuiwerenga pati, poyatsa machesi kapena poteleka poto? Nanga munkadziwa bwanji kuti madzi awira, popeza wina amati awira akangomva phokoso pamene wina amadikira kuti chivundikiro chiyambe kugwedezeka?

Mayi a ku Kawale:
Aphunzitsi, ndinkateleka poto patapita mphindi 5 chiyatsireni, ndipo nthawi ndinkayamba kuiwerenga poteleka, koma makala amene ananyeka m'mphindi zoyambazo ali m'chiwerengero. Kukupiza moto ndinkakupiza kwa mphindi imodzi pa mbaula iliyonse. Za kuwira ndinabwereka chipangizo choyezera kutentha kwa mnzanga amene amaphika makeke, ndipo ndinkachilowetsa pa kabowo ka nthunzi ka chivundikiro. Madzi ankayambira pa madigiri 22 kapena 23, koma sankafika pa 100. Ankaima pakati pa 96 ndi 97 ali kubwata ndithu, moti ndinayamba kuchikayikira chipangizocho.

Aphunzitsi a ku Likuni:
Chipangizocho chilibe vuto. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja zazikulu zamchere, koma Lilongwe ali pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000, ndipo ukamakwera madzi amawira msanga, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse. Choncho 96 kapena 97 ndiye kuwira kwathu kuno. Chofunika kwambiri n'chakuti madzi ankayambira pa kutentha kofanana, chifukwa munthu akayesa mbaula imodzi m'mawa wa Julaye ndi inzake masana a Okutobala, kusiyana kumene angapeze kungakhale kwa nyengo osati kwa mbaula.

Komabe tisathamangire kuwerenga kusiyana kulikonse ngati kupambana. Mphindi 17 ndi 16 ine ndingati n'zofanana, ndipo ngakhale magalamu 190 ndi 170 ali pafupi kwambiri, popeza phulusa lotsalira pa makala ndi timakala togwera pansi zingathe kusuntha sikelo ndi magalamu 10 kapena 20. Kusiyana kumene ndikukukhulupirira ndi kwa 230 ndi 130. Mayi, tatiuzani manambala a ulendo uliwonse pa gawo limenelo, kuti tione ngati sanapingasane.

Mayi a ku Kawale:
Pa gawo lobwatitsa, yachitsulo inadya magalamu 215, 245 ndi 230, pamene yadongo inadya 120, 145 ndi 125. Ulendo woipa kwambiri wa yadongo ukadali kutali ndi ulendo wabwino kwambiri wa yachitsulo. Pa gawo loyamba ndiye anapingasanadi, chifukwa panali ulendo umodzi umene yachitsulo inadya 175 pamene yadongo inadyapo 180.

Mmisiri wa ku Mchesi:
Ine ndimakhoma mbaula za mitundu yonse iwiri, choncho sindikukondera iliyonse, koma pali chinthu chimodzi chimene chaipondereza yachitsulo pakuyesaku. Mbaula yachitsulo ndi yakuya, ndipo chitsulo chamabowo chimene makala amakhalapo timachiika pansi kwambiri chifukwa ogula amafuna mbaula yolowa makala ambiri. Mukathiramo magalamu 400 okha, makala amangoyala pansi ndipo poto amakhala patali ndi moto, pamene m'mbale yadongo makala omwewo amadzaza n'kufika pafupi ndi poto. Kunena kuti makala anali ofanana kumamveka ngati chilungamo, koma mwaiyesa mbaula ina pa muyeso wake ndipo inzake pa muyeso wosakhala wake. Mayi, tengani lula muyeze mpata wa pakati pa makala ndi pansi pa poto pa mbaula zonse ziwiri, mudzaona zimene ndikunena.

Mayi a ku Kawale:
Ndayeza, bambo. Ndi magalamu 400, mpatawo ndi pafupifupi masentimita 6 pa yachitsulo ndi masentimita 3 pa yadongo. Mfundo yanu ndaimva, koma ndikanaidzaza yachitsulo mpaka makala ayandikire poto, bwenzi nditathiramo pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndipo onsewo akanayaka nthawi imodzi. Kuya kumeneko ndi mmene mbaulayo imagulitsidwira, choncho ine ndikukutenga ngati mbali ya mbaulayo.

Mmisiri wa ku Mchesi:
Mukanaidzaza ikanawiritsa madzi mofulumira kwambiri kuposa mphindi 19, ndipo makala otsala mukanawazimitsa m'chitini n'kuwagwiritsanso ntchito mawa lake. Makala otsala si makala otayika.

Achemwali a ku Biwi:
Pepani kuti ndalowerera, koma ine sindikuona chifukwa chovutikira ndi masikelo. Mayi anga kumudzi ku Mitundu ali ndi Chitetezo Mbaula, yadongo yokhayokha, ndipo nkhuni zimene kale zinkatha masiku ochepa tsopano zimakhalitsa. Pamenepo yadongo yapambana kale, ndipo amaumba amayi a m'mudzi momwemo, mtengo wake ndi wotsika.

Aphunzitsi a ku Likuni:
Achemwali, Chitetezo ndi mbaula ya nkhuni, ndipo amene amaiyesa amaiyerekeza ndi mafuwa atatu. Zimene mayi anu aona n'zoona pa nkhuni, koma sizingatiuze kanthu pa mbaula ziwiri za makala zimene zili pano.

Ndibwerere kwa bambo a ku Mchesi, chifukwa afunsa funso lovuta kuposa onse. Pano pali mafunso awiri amene tikuwasakaniza. Loyamba ndi lakuti, makala ndi zina zonse zikafanana, ndi mbaula iti imene imafikitsa kutentha kochuluka m'poto. Lachiwiri ndi lakuti, m'khitchini weniweni, wophika akamathira makala mmene anazolowerera, ndi mbaula iti imene imamaliza thumba msanga. Kuwiritsa madzi kumayankha funso loyamba lokha, ndipo ngakhale akatswiri amene amayesa mbaula amayamba ndi madzi kenaka n'kupita pa chakudya chenicheni, chifukwa zotsatira za ziwirizi sizifanana nthawi zonse.

Kuti muone kuchuluka kwa moto umene umatayika, kutenthetsa malita 3 kuchokera pa madigiri 22 kufika pa 96 kumafuna mphamvu imene ili m'makala okwana pafupifupi magalamu 32, kukanakhala kuti kutentha konse kukulowa m'madzi. Mbaula yachitsulo inadya 190, kutanthauza kuti pa magawo 6 a moto, limodzi lokha ndi limene linagwira ntchito, ndipo yadongo itatentha inafika pafupifupi pa gawo limodzi mwa magawo 4. Pamene moto wambiri chotere ukutayika, kanthu kakang'ono monga mpata wa masentimita 3 kangathe kusintha zotsatira, choncho dandaulo la mmisiriyu si laling'ono.

Pempho langa ndi lakuti muphike nyemba. Tengani nyemba za m'thumba limodzi, muzigawe pawiri pa sikelo, ndipo mbaula iliyonse muisonkhe mmene mumachitira masiku onse, yachitsulo muidzaze ndithu. Yezani makala onse musanayambe, ndipo pomaliza muchotsepo otsala amene mwazimitsa.

Wogulitsa tiyi wa ku Chilinde:
Podikira nyembazo ndifotokoze zanga. Ine ndimawiritsa madzi a tiyi kuyambira m'bandakucha m'poto wamkulu wa malita 20, ndipo ndinagulapo mbaula yadongo nditamva kuti imapulumutsa makala. Moto unkafooka ndikangoteleka, madzi ankachedwa mpaka makasitomala kumapita kwa mnzanga wa pafupi, ndipo miyezi isanapite yambiri dongo linang'ambika pakati mpaka mabowo anagwera pansi. Ndinabwerera ku yachitsulo ndipo sindikuganizanso zosintha. Kwa ine zimene apeza mayiwa ndi za pakhomo, osati za pa bizinesi.

Mmisiri wa ku Mchesi:
Achimwene, mbaula imene munagula inali ya pakhomo, ndipo poto wa malita 20 ndi wotambalala kuposa kukamwa kwake. Poto wotere akakhala pa tizitsulo titatu tija timapindika ndi kulemera, potoyo n'kutsika mpaka kutseka kukamwa, ndiye mpweya wotentha umasowa potulukira ndipo moto umatsamwa. Chizindikiro chake n'chakuti makala amada pamwamba poto ali pomwepo, koma mukangomuphula amayambanso kufiira. Pamafunika mpata wolowa chala pakati pa mkombero wa mbaula ndi poto. Zilipo zadongo zazikulu zopangira malo odyera, koma poto wanu ndi kambaula kaja sizinali zoyenderana.

Za kung'ambika, zimene ndimaziona kawirikawiri ndi izi. Anthu amazimitsa moto pothira madzi m'mbaula, ndipo dongo lotentha likakumana ndi madzi ozizira limasweka, mwina osati tsiku lomwelo koma mng'alu umayamba pamenepo. Ena amaswera makala aakulu m'mbaula momwemo ndi mwala kapena chitsulo, ena amaigogoda pansi pochotsa phulusa. Koma nthawi zina vuto limachokera kwa oumba, amene sanaliwotche dongo mokwanira. Pogula muligogode pang'ono ndi chikhadabo kapena kandalama: lowotchedwa bwino limalira mokweza, pamene losapsa limamveka mogonthera ndipo mukalikanda limatuluka fumbi. Muonenso simenti imene imamata dongo ku chitsulo, ngati ili ndi mipata ndiye kuti mbaleyo idzayamba kugwedera. Ming'alu ing'onoing'ono yopyapyala imabwera pafupifupi pa mbaula iliyonse ndipo siiletsa kuphika. Woopsa ndi mng'alu umene ukulumikiza mabowo a pansi.

Yachitsulo nayo imatha, ndipo chimayamba kutha ndi chitsulo chamabowo chija, chimene chimapsa n'kubooka, makamaka chikakhala cha lata lopyapyala. Kusiyana kwake n'kwakuti chimenecho ndimachisintha munthu ali chiimire pa mtengo wochepa, pamene mbale yadongo ikasweka pamafunika kupeza ina ya muyeso womwewo n'kuimatanso.

Aphunzitsi a ku Likuni:
Mawu a mmisiriwa akutikumbutsa malire a kuyesaku. Mbaula yadongo mkati inakonzedwa ku Kenya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, potengera mbaula ina ya ku Thailand, ndipo kuchokera pamenepo amisiri a m'mayiko ambiri akhala akuikopera, aliyense ndi dongo lake, kukula kwa mabowo kwake ndi kachitseko kake. Mayi a ku Kawale ayesa mbaula imodzi ya mtundu uliwonse, choncho zimene tikudziwa motsimikiza ndi za mbaula ziwiri zimene zili pakhonde pawo. Wina akagula yadongo ya kachitseko kosatseka bwino, phindu lalikulu lija la pa gawo lobwatitsa lingathe kuchepa kwambiri.

Agogo a ku Kauma:
Ana anga, ndawerenga zonse ndipo ndili ndi funso kwa mayi amene anayesawa. Pamene madzi ankabwata pang'onopang'ono pa mbaula yachitsulo, moto munkauchepetsa bwanji? Ine ndaphikira pa yachitsulo zaka zambiri, ndipo nyemba zikangowira ndimatapa phulusa la pansi n'kuwaza pamwamba pa makala, kenaka ndimatembenuza mbaula kuti khomo lake lisayang'ane kumene kukuchokera mphepo. Moto umagona, nyemba zimapsa, ndipo makala amakhalitsa. Ngati yadongo munaitsekera kachitseko koma yachitsulo munangoisiya ikulilima, ndiye kuti mwayesa kachitseko, simunayese dongo.

Mayi a ku Kawale:
Agogo, yachitsulo nayo ili ndi kachitseko ndipo ndinkakatseka, koma sikagwira bwino, komanso mpweya umalowera m'mipata ya molumikizira zitsulo, moti madzi ankabwatabe mwamphamvu. Phulusa sindinawaze pa mbaula iliyonse, chifukwa likanasokoneza kulemera kwa makala pa sikelo.

Nyemba zija ndaphika. Ndinagawa kilogalamu imodzi pawiri, magalamu 500 mbali iliyonse, zosaviika, ndipo ndinaphika tsiku limodzi m'mapoto awiri ofanana, madzi owonjezera ndikuwayeza ndi kapu imodzi. Yachitsulo ndinaidzaza monga ananenera bambo a ku Mchesi, ndipo inawiritsadi msanga, m'mphindi 13. Kuti ndisadzinamize pa kapsedwe, ndinkatapa nyemba 10 m'poto aliyense n'kupatsa mayi oyandikana nawo nyumba, amene sankadziwa kuti zachokera m'poto uti, kuti azifinye ndi zala, ndipo tinagwirizana kuti zapsa pamene 9 mwa 10 zikuphwanyika mosavuta. Mapoto onse anapsa patapita pafupifupi maola awiri ndi theka, kusiyana kwake kosakwana mphindi 10. Nditazimitsa makala otsala m'chitini n'kuwachotsera, yachitsulo inali itadya kilogalamu 1.2 ndipo yadongo magalamu 800. Yachitsulo inafunanso madzi owonjezera ambiri, makapu 7 pamene yadongo inafuna 4. Uku ndi kuphika kumodzi kokha, choncho musakuike pa mlingo umodzi ndi kuyesa kwa madzi kuja.

Aphunzitsi a ku Likuni:
Makapu amenewo akufotokoza nkhani yonse. Madzi akafika powira sangatenthe kupitirira pamenepo, kaya moto ukule bwanji, ndipo moto wowonjezerawo umangowasandutsa nthunzi. Kuphwetsa lita imodzi ya madzi kumadya mphamvu yoposa kasanu ndi kawiri imene imafunika kuti lita yomweyo ichoke pozizira kufika powira kuno kwathu. N'chifukwa chake nyemba zinapsa nthawi imodzi ngakhale mbaula ina inali ndi moto waukulu: makala owonjezera aja anathera kuphwetsa madzi amene mayiwa ankathiranso. Izi zikugwirizana ndi mfundo ya agogo, yakuti chachikulu ndi kutha kuchepetsa moto chakudya chikawira. Chimene sindingavomereze ndi kunena kuti dongo lilibe gawo, chifukwa makala ochepa oyaka pang'onopang'ono amazima msanga m'chitsulo chozizira, pamene m'dongo lotentha amapitirira kuyaka. Kuti tidziwe gawo la kachitseko ndi gawo la dongo, pafunika kuyesa njira ya agogo payokha.

Bambo a ku Chinsapo:
Za m'nyumba zija ndamva, aphunzitsi. Koma tsopano tiuzeni za ndalama, chifukwa yadongo ndi yokwera mtengo, ndipo kwathu kuno ambiri timagula makala a m'timajumbo tsiku ndi tsiku.

Mayi a ku Kawale:
Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, choncho ndiwerengera m'makala, aliyense aikepo mtengo wa kwawo. Kuphika kumodzi koyambira pa mbaula yozizira n'kubwatitsa mphindi 45 kunadya magalamu 420 pa yachitsulo ndi 300 pa yadongo, kusiyana kwa magalamu 120. Banja lophika chotero kawiri pa tsiku lingapulumutse makilogalamu opitirira pang'ono 7 pa mwezi. Tengani ndalama imene yadongo ikuposera yachitsulo, muigawe ndi mtengo wa makilogalamu 7 a makala, ndipo mupeza miyezi imene mbaulayo ingabwezere ndalama yanu. Kajumbo kamene mumagula mukayezetse pa sikelo kuti mudziwe mtengo wa kilogalamu, ndipo amene mumagula thumba musatengere nambala 50 yolembedwa pathumbapo, chifukwa imeneyo ndi ya chimanga kapena feteleza. Makala ndi opepuka ndipo salemera choncho. Koma amene amangowiritsa madzi a tiyi kapena kukazinga mazira n'kuzimitsa moto asayembekezere phindu limeneli, popeza pa kuphika kwachidule mbaula ziwirizi zinadya pafupifupi mofanana ndipo yachitsulo inafulumira.

Wogulitsa tiyi wa ku Chilinde:
Ndiye kuti ine sindinalakwitse kubwerera ku yachitsulo.

Aphunzitsi a ku Likuni:
Pa kambaula kamene munali nako simunalakwitse, achimwene, koma moto wanu umayaka m'mawa wonse osazima, ndipo mbaula yotentha kale ndi pamene dongo limathandiza. Yadongo yaikulu yolingana ndi poto wanu sitinaiyese, choncho funso lanu likadali lotseguka. Chinanso, makala a mayiwa anali a mtundu umodzi. Makala olemera a mitengo yachilengedwe ndi makala opepuka monga a paini sayaka mofanana, ndipo opepukawo amanyeka msanga mpweya ukachuluka, moti kusiyana kwa mbaula ziwirizi kungakule kapena kuchepa malinga ndi thumba limene munthu wagula.

Mmisiri wa ku Mchesi:
Mayi a ku Kawale, ine sindinakhutire pa nkhani ya mpata ija, ndipo ndikufuna tiione mapeto ake. Bweretsani mbaula yanu yachitsulo, ndikweze chitsulo chamabowo kuti magalamu 400 azifika masentimita 3 kuchokera pa poto, ndikonzenso kachitseko kuti kazitseka ndithu. Sindidzakulipiritsani. Mukadzabwereza magawo atatu aja tidzaona kuti pa magalamu 160 amene yadongo inapambana nawo, angati anali a dongo ndipo angati anali a kakhomedwe kathu.

Mayi a ku Kawale:
Ndavomera, bambo, koma tisinthe chinthu chimodzi pa nthawi, chifukwa mukakonza zonse ziwiri tsiku limodzi sitidzadziwa chimene chathandiza. Ndiyamba ndi njira ya agogo mbaula ili mmene ilili, ndipo makala otsala ndidzawasefa kuti phulusa lisalowe pa sikelo. Kenaka mudzakweze chitsulocho osakhudza kachitseko, ndipo kachitseko kadzakhale komaliza. M'thumba lija mwatsala makala okwana pafupifupi makilogalamu 9, amene ndawaika padera m'nyumba kuti asanyowe, ndipo akwanira kuyesa konseku ngati sindiwaphikira china chilichonse.

Agogo a ku Kauma:
Phulusalo muwaze lochepa, mwanawe, loti makala azionekabe kufiira m'mipata, chifukwa mukathira lambiri moto uzima ndipo mudzati njira yanga ndi yabodza. Muwaze madzi atawira kale, osati asanawire.